Anafuna Ntchito Yochapa Mabandeji

M'zaka za Chitaganya, Chipata akadali Fort Jameson, ndinali woyang'anira kachipatala ka mishoni cha ku Kasenengwa. Anthu ankanditchula adokotala ndipo sindinkawatsutsa, koma pepala langa linali la medikolo asisitanti, ndiponso inki yake inali isanaume bwino. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, mkazi wanga ali ndi pakati poyamba, ndipo ndinkayenda ndi bolopeni ziwiri m'thumba la malaya ngakhale imodzi inali yosalemba. Kachipatalako kanali ka zipinda zitatu ndi khonde lalitali pomwe odwala ankakhala pamzere. Dokotala weniweni, mayi wachizungu amene ankalankhula Chinyanja chomveka koma chopanda mchere, ankabwera kamodzi pa mwezi. Masiku ena onse mawu omaliza anali anga, ndipo ndinkawakonda mawu omalizawo.

Dilesa wathu atasiya ntchito kupita ku migodi, ndinatsala ndekha ndi zilonda za dera lonse. Dilesa ndiye munthu wa pansi penipeni pa chipatala. Amatunga madzi, kuyatsa pulayimasi, kuphika majakisoni ndi masizasi, kutsuka zilonda ndi kuzimanga, ndipo masana amachapa mabandeji a mafinya, kuwayanika ndi kuwapindanso, poti nthawi imeneyo bandeji sinkatayidwa ikadali yolimba. Saloledwa kupima wodwala kapena kulemba mankhwala. Adokotala achizungu aja anandiuza kuti ndilandire makalata a ofuna ntchitoyo, ndiwayese anthuwo mmodzimmodzi, kenaka ndipite nawo mayina ku ofesi ya mishoni ku Fort Jameson kuti iwo akasankhe.

Makalata anabwera asanu ndi awiri. Asanu ndi imodzi anali monga ndinkayembekezera: Chingerezi chobwereka kwa aphunzitsi, malonjezo a kumvera mpaka imfa, wina mpaka kulemba kuti amaimba besi m'kwaya. Yotsalayo inali ya mizere inayi basi, yolembedwa ndi dzanja lowongoka ngati la m'buku. Mwini wake anati anagwirapo ntchito pa chipatala cha mgodi ku Southern Rhodesia, amadziwa kumanga zilonda, ndipo nyumba yake ili pafupi ndi kachipatala kathu. Sanatchule zaka zake, kapena udindo umene anali nawo, kapena chimene anasiyira. Ndinaganiza kuti ndi munthu wonyada kapena waulesi, ndipo ndinamuika pa tsiku lomaliza.

Tsikulo nditafika m'mawa ndinapeza khonde litasesedwa kale, ndipo pa benchi panali bambo wa imvi za apo ndi apo, wa msinkhu wa atate anga, chipewa chili pa bondo. Ndinawapatsa moni ngati wodwala woyamba. Iwo anaimirira, nawerama pang'ono.

"Ndine n'nalemba kalata ija, adokotala. Nabwera kuyesedwa."

Kwathu mwana satuma munthu wa imvi kukataya madzi a mafinya. Ndinawapatsa epuloni ndi manja awiri, ndipo m'mawa wonsewo ndinkati ndikafuna kanthu ndinkayamba kukanyamula ndekha, iwo n'kumandilanda mwaulemu. Ntchito yawo inali yosachita kufunsa. Majakisoni anawayala m'poto mwa ndondomeko yake, ndipo madzi atawira anayang'ana wotchi, pomwe dilesa wakale ankangoyesa ndi maso. Potsuka chilonda ankayambira pakati kupita kunja, thonje limodzi ulendo umodzi. Ndinaona zonsezi n'kudziuza kuti zipatala za ku migodi zimaphunzitsa bwino anthu awo.

Dzuwa litakwera anthu anabwera ndi ngolo itanyamula mlimi amene anagwa pa denga la chigafa cha fodya. Phewa lake linali litagweluka, mkono uli lende, munthu wamkulu akulira ngati mwana. Kusukulu ndinaonapo phewa likubwezedwa kawiri, ndipo kawiri konseko ndinali kumbuyo kwa anzanga. Ndinayamba kulemba kalata yomutumiza ku Fort Jameson, ulendo wa tsiku lathunthu pa ngolo m'msewu wa mabampu. Bambo aja anasendera pafupi nane ngati akufuna kutola dishi, nalankhula motsitsa kuti abale a wodwala asamve.

"Nakhudzapo, adokotala, fupa silinathyoke. Dzanja ali kulimva, ndi mtsempha ugunda. Ngati mulola, nigwire mkono, imwe mugwire kuno kuchifuwa."

Ndinagwira pomwe anandionetsa. Anamugoneka munthuyo, namucheza za fodya wake, akukoka mkono pang'onopang'ono ndi kuutembenuza, mpaka tinamva kuti khu! Mlimi uja anasiya kulira pakati pa mawu. Bamboyo anabwerera m'mbuyo msanga, nauza abale aja kuti, "Thokozani adokotala." Anandithokozadi, wina mpaka kugwada. Ndinalandira kuthokozako nkhope ili gwa, koma m'kati ndinali nditachepa ngati mwana wa Sabu A, woyamba kumene sukulu.

Odwala atatha ndinawaitanira m'chipinda changa ndi kutseka chitseko.

"Atate, ndinu ndani kodi?"

Anatuluka, nakamasula kachitini kamene kanali komangidwa pa keliyala ya njinga yawo. Munali makalata a umboni okulungidwa m'nsalu. Ndinawawerenga onse, chilili. Anayamba ngati dilesa ine ndisanasiye kuyamwa, nakwera mpaka kukhala mkulu wa mamedikolo asisitanti pa chipatala cha mgodi, zaka makumi awiri ndi zitatu pamalo amodzi. Ankathandiza pa opaleshoni, ankaphunzitsa anthu onga ine. Dokotala wina analemba kuti akachoka pa chipatala ankasiya makiyi m'manja mwawo n'kupita osatembenuka.

"Nanga zonsezi munazisiyiranji m'chitini?"

"Chifukwa nadziwa m'mene ziyendera," anatero. "Ine nakhalapo mbali inayo ya thebulo. Akabwera munthu wa mapepala olemera kufuna kantchito kochepa, tinali kufunsana zinthu zitatu. Analakwa chiyani kumene achoka? Adzakhala miyezi ingati asanapeze pabwino? Adzamvera wamng'ono kwa iye? Tikatha kufunsana tinali kumuthokoza bwino ndi kumuperekeza pakhomo. Lomba ndine nili panja."

Ndinawafunsa chimene munthu ngati iwo ankafunira mabandeji athu. Anati ngati ndili ndi nthawi Loweruka masana ndikaone ndekha, chifukwa pakamwa sizituluka bwino.

Nyumba yawo inali ya njerwa ndi malata, tsidya la dambo, mtunda woti munthu wapansi sangatuluke thukuta. Ndinawapeza kuseri akuyanika nsalu zambirimbiri pa chingwe, manja a malaya atapinda. Atandiona anayang'ana uku ndi uku asanandipatse moni. M'nyumba, pa bedi la chitsulo limene anabwera nalo kuchokera ku mgodi, panagona akazi awo. Anafa ziwalo mbali imodzi chaka chapitacho, ndipo ndicho chimene chinawabweza kumudzi, poti abale a mayiyo anati mwana wawo asadwalire kwa eni. Pakamwa panali popotoka koma maso anali akuthwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nalankhula mawu amene sindinawamve.

"Akuti ndimwe woonda, mkazi wanu sakudyetsani," anamasulira amuna awo, ndipo mayiyo anaseka ndi theka la nkhope.

Kenaka anandionetsa ntchito yawo yeniyeni. Anawatembenuza mayiyo mwa luso, nayang'ana msana, m'chiuno ndi zidendene, napaka mafuta, naika kapilo pakati pa mawondo. Chaka chathunthu chogona, koma pakhungu panalibe ndi kachilonda komwe. Amene anasamalapo wodwala wotere akudziwa kuti zimenezo sizichitika zokha. Munthu wosatha kudzitembenuza amayamba kuola pomwe wagonera, ndipo zilonda zimenezo zimapha msanga kuposa nthenda imene inamugoneka.

"M'mawa niwasambika ndi kuwatembenuza nisanachoke," anandiuza tili panja. "Mlamu wanga, mng'ono wawo, angathe kuwapendeketsa ndi pilo dzuwa likakwera, koma kunyamula sangathe, ndiponso ali ndi munda wake ndi ana ake. Masana, nthawi ya chakudya, nithamanga kubwera. Madzulo nili pano. Ntchito ina iliyonse ya msinkhu wa mapepala aja ili kutali, ku Fort Jameson kapena kupitirira. Ine khasu linanikana, ndipo atsikana anga awiri ali pa sukulu ya bodingi. Nifuna ntchito imene niona denga la nyumba yanga nikaima pa khonde. Ndiyo yanu ija basi."

Anatsitsa mawu. "Koma za kusambika izi, anthu a m'mudzi adziwa kuti achita ni mlamu wanga. Mudziwa m'mene alankhulira."

Ndinkadziwa. Mwamuna kusambika mkazi wake ndi kumuchapira nsalu zoipitsidwa, pamene abale ake aakazi ali moyo, chinali chitonzo mbali zonse. Mwamunayo ankanenedwa kuti anadyetsedwa mankhwala, ndipo abale a mkazi ankanenedwa kuti anataya m'bale wawo.

Tinakhala pa mipando pansi pa mtengo wa mango kukambirana za kalata. Iwo ankafuna kuti ndipite ndi ya mizere inayi ija yokha. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndikuti pamenepo ndinalondola. Ndinawauza kuti adokotala si mwana, adzangoona kagwiridwe kawo ka sizasi ulendo woyamba n'kudziwa kuti tinawabisira, ndipo wobisa mapepala abwino amakayikiridwa kuposa wopanda mapepala. Chinanso, masiku amenewo anthu ambiri ankabwezedwa kuchokera kumwera chifukwa cha ndale, ena atakhalako m'ndende. Munthu wa imvi wobwera kuchokera ku Southern Rhodesia ndi zaka makumi awiri zopanda pepala, mzungu aliyense akanadzaza yekha zakazo ndi zimene ankaziopa.

Anagwedeza mutu. "Mwanena zoona. Tsono tichite bwanji?"

Tinagwirizana zolemba kalata ina. Tinasankha makalata a umboni atatu: yoyamba ija ya udilesa, kusonyeza kuti ntchitoyo anaigwirapo ndipo sainyansidwa, ina yonena za kumvera ndi kusunga nthawi, ndi yomaliza yosonyeza kuti anachoka okha, mwamtendere. Udindo wawo tinaulemba poyera m'mzere umodzi, osaukometsa. Iwo anawonjezera okha kuti akudziwa malipiro a dilesa ndipo sadzapempha oposa pamenepo, kuti sadzapima wodwala kapena kulemba mankhwala, ndiponso kuti alonjeza kukhala zaka zitatu. Inali kalata yabwino. Inayankha mafunso awo atatu aja, koma inasiya lachinayi, limene limabala enawo, loti munthuyu akuifuniranji ntchitoyi. Cholembera chinaima pamenepo.

"Ichi sichilembeka," anatero. "Kalata ipita m'manja mwa makalaliki. Koma akakufunsani adokotala, muwauze pakamwa. Imwe munaona."

Ndinalonjeza kuti ndidzanena.

Masiku atatu otsatira ndinkayenda ndi nkhaniyi m'mutu. Mkazi wanga, amene sankazungulira polankhula, anati, "Mwapeza munthu woti akuphunzitseni ulere, mukudandaula chiyani?" Ndinamukalipira kuti za chipatala sazidziwa, chifukwa anali atakhudza penipeni. Ndinkawafuna bamboyo, ndipo ndinkawaopa. Ndinkaona m'maganizo mzere wa pa khonde ukupatuka, amayi akunong'onezana kuti tidikire mdala uja, kamnyamataka kangotipatsa asipilini. Nkhani ya phewa lija inali itayamba kale kumveka m'midzi, ndipo sikuti onse anapusitsika.

Lachitatu ndinapalasa njinga kupita ku Fort Jameson. Ofesi ya mishoni inali chipinda chimodzi kuseri kwa masitolo a amwenye, chogawidwa ndi kabati. Adokotala anakhala mbali ina, ndipo mbali inayo, kuseri kwa kabatiyo, kalaliki ankagogoda taipi. Kalalikiyo ndinkamudziwa. Ankachita lendi ku komboni ya Nabvutika, koma kwawo kunali mudzi woyandikana ndi wa mayi wodwala uja, ndipo anali munthu woti nkhani ikalowa m'khutu mwake Lachitatu, Lamlungu ili pa bwalo la tchalitchi.

Adokotala anawerenga makalata enawo msangamsanga. Atafika pa ya bambo aja anavala magalasi bwino, nawerenga kawiri. Anandifunsa ngati pali ena a umboni. M'chikwama ndinali ndi mpukutu wonse, umene bamboyo anandipatsa kuti ndiutulutse pokhapokha adokotala akakayikira. Sanali kukayikira, ankangofunsa. Ine ndinautulutsa wonse. Ndinafotokozanso za phewa lija, ndikukometsa, mpaka kunena kuti munthu ngati ameneyu sindinamuonepo. Panthawiyo ndinkadziuza kuti ndikuwachitira ulemu akulu, poti kwathu munthu wamkulu sumutchula ndi mbiri yoperewera.

"Munthu uyu akhoza kuyendetsa chipatala," anatero adokotala. "Ndalama ya dilesa imachokera ku boma ndipo ili ndi malire ake, sindingaikweze. Iye walemba kuti akudziwa, chabwino. Walemba zaka zitatu, chabwino, onse amalemba. Koma ndiuze iwe. Chifukwa chiyani akufuna kuchapa mabandeji?"

Taipi ija inasiya kulira. Mwina kalalikiyo ankangosintha pepala, sindidziwa. Ndinamva chete ameneyo kumsana kwanga konse. Ndikanatha kupempha adokotala kuti tituluke panja. Ndikanatha kunena mawu ochepa chabe, kuti akazi awo akudwala ndipo afuna kukhala pafupi, osatchula za kusambika, pakuti kudwala kwa mayiyo sikunali chinsinsi kwa aliyense. Zonsezi ndinaziganiza pambuyo pake, pa njinga. Pamenepo ndinati:

"Atopa ndi ntchito zazikulu, adokotala. Afuna kupumulako kumudzi."

Adokotala anavula magalasi. "Kupumula? Pa chipatala chako pali popumulira?"

Ndinaseka nawo, kuseka kopusa.

Kenaka analankhula modekha, ndipo zonse zimene ananena zinali zanzeru kwa munthu wodziwa zokhazo zimene ndinawauza. Anati munthu wozolowera kulamula akati watopa, amapumula miyezi itatu, wachinayi manja amayamba kuyabwa. Pamenepo amachoka, kapena amayamba kuchita ntchito ya amene ali pamwamba pake, ndipo odwala sadziwanso womumvera. Anati kumuika munthu wotere pa mabandeji n'kumuwononga, pomwe chipatala china cha mishoni, kumpoto kupitirira Lundazi, chatha chaka chopanda medikolo asisitanti wamkulu. Adzamulembera okha kalata. Udilesa anaupereka kwa wina mwa asanu ndi mmodzi aja, bambo amene ananyamulapo ovulala ku nkhondo, munthu wabwino ndithu amene ndinagwira naye ntchito zaka zambiri.

Ndinatuluka mu ofesimo, ndipo chimene ndinamva poyamba, ndisanafike n'komwe pomwe ndinaimika njinga, chinali kupepukidwa. Manyazi anabwera pambuyo, cha ku mapiri uko, ndipo anandiperekeza mpaka kunyumba. Kwa zaka zambiri ndinkati ndinatseka pakamwa poteteza ulemu wa banja lija kwa kalaliki wa pakamwa. Zimenezo n'zoona, koma ndi theka lake. Theka linalo ndi lakuti khomo linatseguka loti ndikhalebe adokotala ndekha pa khonde langa, ndipo ndinalowapo.

Sindinapite kukawauza mwini nkhaniyo. Ndinati ndipita mawa, mawa n'kukhala mlungu. Kalata ya adokotala inawapeza ine ndisanafike. Anabwera okha kudzatenga mapepala awo, nawerenga ngati onse alipo, nawabwezera m'chitini.

"Anipatsa ntchito yaikulu," anatero. "Zikomo pa mawu amene munaninenera."

Sanafunse china, ndipo ine sindinawonjeze. Anayesa kupempha abale a akazi awo kuti apite nawo kumpoto, koma alongo a mayiyo anakana, nati anamubweza kale kamodzi kuchokera kwa eni, sangamuperekenso kuti akafere m'lole pa msewu. Anayesa kufunsa ntchito ku masitolo ndi ku mafamu a fodya apafupi, koma kumeneko munthu wa imvi wolankhula Chingerezi chosalala sankamufuna n'komwe. Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, anakwera lole ya kumpoto. Asanapite anaphunzitsa mlamu wawo katembenuzidwe, namulembera nthawi zake pa pepala limene anakhoma pa chitseko, ngakhale mayiyo sankadziwa kuwerenga.

Miyezi yoyamba ndinkadutsako Loweruka lililonse. Kenaka mwana wathu anabadwa, mvula inayamba, dambo linadzaza, malungo anachuluka pa khonde, ndipo Loweruka linayamba kudumphadumpha. Zifukwa zinalipo, zenizeni, ndipo ndinkazilandira ndi manja awiri chifukwa maso a mayi aja ankandivuta.

Anabwera nawo mwezi wa February, pa ngolo, atawafunditsa chikopa cha ng'ombe chifukwa cha mvula. Fungo linafika m'chipinda iwo asanalowe. Mng'ono wawo ankalira, akuti inali nthawi yopalira, ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo msana wake womwe unali utagwa. Palibe amene akanamuimba mlandu. Kumunsi kwa msana kunali chilonda choti chibakera changa chikanalowamo, ndi china m'chiuno, ndi zidendene zonse ziwiri zakuda. Ndinawagoneka m'chipinda chachitatu, ndinachotsa mnofu wakufa, ndinawabaya penisilini amene ndinali naye. Mayiyo sanabuule. Anandiyang'ana kokha, ndipo ulendo uno sanandiseke za kuonda.

Ndinatumiza telegalamu kwa amuna awo kudzera ku Fort Jameson. Misewu ya kumpoto inali matope okhaokha, ndipo anatha masiku asanu ndi limodzi kuti afike, mbali ina pa lole, mbali ina wapansi. Analowa masana, matope mpaka m'mawondo. Anasamba m'manja kaye, nthawi yaitali, monga mwa chizolowezi chawo. Kenaka anagwada pambali pa bedi, nagwira dzanja lamoyo la akazi awo. Mayiyo analankhula mawu awo opotoka aja, ambirimbiri, ndipo ulendo uno amuna awo sanandimasulire.

Anapempha kuona zilonda. Ndinamasula mabandeji, iwo akuyang'ana. Onse awiri tinkadziwa chimene tikuona, ndipo panalibe chifukwa chonamizana. Mayiyo anamwalira chimanga chisanakhwime, koma milungu imene inatsalayo amuna awo sanachoke pambali pawo, ndipo anawasambika okha chitseko chili chotsegula, aliyense wofuna kuona aone.

Koma tsiku lofikalo, titatha kutsuka ndi kumanga, dilesa atatuluka ndi dishi, anandifunsa osandiyang'ana, akukonza nsalu ya pabedi.

"Kumpoto kuja adokotala anabwera kudzationa mwezi watha. Ananifunsa ngati nasiya kutopa. Sininamve chimene atanthauza." Anasalaza nsaluyo ndi chikhatho. "Tsiku lija ku Fort Jameson, anakufunsani chifukwa?"

"Anandifunsa, atate."

"Munawayankha kuti chiyani?"

Panalibe kalaliki, panalibe kabati. Munali ife atatu basi, ndipo mayiyo anali maso.

"Ndinati mwatopa. Ndinati mufuna kupumula."

Dzanja lawo linaima pa nsalu paja. Ndinadikira kuti akalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenaka wotchi ya pa mkono.

"Kupumula," anatero chapansipansi. Anazungulira bedi, nalowetsa manja pansi pa mapewa a mayiyo. "Gwirani miyendo, adokotala. Nthawi yakwana, tiwatembenuze."